Kupempha Mphindi Zisanu kwa Munthu Wotanganidwa

Mutabwereka foni ya munthu aliyense wochita bizinesi ku Limbe, ku Area 2 ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, n'kutsegula WhatsApp, mungapezemo mauthenga ambiri osayankhidwa ochokera ku manambala achilendo. Ochuluka mwa iwo ali ndi mawu awiri okha: "Moni bwana." Pansi pake, patadutsa ola limodzi, pali "Muli bwanji?" Tsiku lotsatira pali chizindikiro cha funso chokhachokha. Amene amalemba zimenezi si anthu amwano ayi. Ambiri ndi anyamata ndi atsikana otsatsa malonda a makampani a sola, a inshuwaransi, a mbewu kapena a zipangizo za m'maofesi. Malipiro awo amadalira komishoni, ndipo chomwe akufuna pa tsikulo n'chaching'ono: kuti mwini bizinesiyo awalole kumuimbira foni kwa mphindi zochepa.

Otsatsa malonda ambiri amaganiza kuti munthu amaoneka wokakamiza akapanda kuika mawu aulemu okwanira. Choncho amawonjezera "chonde", "pepani povutitsa", "mwa kukoma mtima kwanu", ndipo uthenga umatalika. Ine ndimaona kuti vuto lili pena. Uthenga umamveka wokakamiza ukamapatsa wolandira ntchito, ndipo ntchito yolemera kuposa zonse ndi yokana. Munthu akaona kuti kuyankha kumulowetsa m'zokambirana zomwe sadziwa potulukira, amasankha kukhala chete. Uthenga wabwino ndi umene munthu angauyankhe ndi liwu limodzi ataima kuseri kwa kauntala, kaya liwulo ndi "inde" kapena "ayi", popanda kumva kuti walakwira wina.

Tiyerekeze mtsikana wina amene amagulitsa zipangizo za sola za kampani ina ya ku Blantyre: mapanelo, mabatire ndi mainveta. Pa msewu wina wa ku Limbe pali butchala yokhala ndi mafiriji angapo. Magetsi akathima, jenereta imalira panja mpaka abwerenso, chifukwa nyama sidikira. Anthu a m'dera limeneli sanaiwale zomwe zinachitika namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pomwe dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 ndipo kuthima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yopitirira chaka. Mwini butchala ameneyu safunika kumuphunzitsa kuti kuthima kwa magetsi n'koipa. Chomwe alibe ndi nthawi. M'mawa amalandira nyama, chakumasana kumabwera ogula a malesitilanti, madzulo kumadzaza anthu oweruka kuntchito, ndipo manja ake nthawi zambiri sakhala oti n'kugwira foni.

Uthenga umene otsatsa ambiri amatumiza kwa munthu wotere, akadutsa pa "Moni bwana", umakhala chonchi: dzina la kampani m'zilembo zikuluzikulu, mawu oti ndi akatswiri odalirika, mndandanda wa katundu yense, zithunzi zisanu ndi chimodzi, kenaka "Mitengo yatsika sabata ino yokha, musaphonye! Ndikuimbireni nthawi yanji?" Uthenga umenewu ungapite kwa mwini saluni, kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ndi kwa mwini butchala osasintha chilembo, ndipo aliyense wa iwo amazindikira zimenezo. Nthawi zina pamwamba pake pamaonekanso liwu loti "Forwarded", lomwe WhatsApp imaika pa uthenga wongopatsirana. Zithunzi zija zimadya bandulo ya munthu amene sanazipemphe. Ndipo funso lomaliza lamusankhira kale: silikufunsa ngati akufuna kuimbiridwa, likungofunsa nthawi. Munthu amene sakufuna alibe poyankhira, pokhapokha atayamba kufotokoza zifukwa kwa mlendo.

Mtsikana wathu uja angalembe motere:

"Mwaswera bwanji Bambo Uje. Ndine Uje, ndimagwira ntchito ku kampani ya sola ya Yakutiyakuti kuno ku Blantyre. Nambala yanu andipatsa ndi a Mayi Uje a pa famase yoyandikana nanu, omwe tinawaikira mabatire mwezi wa Meyi. Ndaona kuti magetsi akathima mumayatsa jenereta chifukwa cha mafiriji. Ndili ndi mafunso atatu okha oti ndidziwe ngati sola ingakuchepetsereni ndalama za petulo kapena ayi. Kodi ndingakuimbireni kwa mphindi 5 Lachiwiri 2 koloko masana, kapena Lachitatu nthawi yomweyo? Ngati si nkhani yomwe mukuiganizira panopa, ingondiuzani, sindikuvutitsaninso. Zikomo."

Ndi mawu pafupifupi 80, ndipo amakwana pa galasi la foni popanda kutsitsa. Moni ulipo, chifukwa kwathu kuno kuyamba nkhani osapereka moni ndi chipongwe. Koma moniwo wabwera pamodzi ndi nkhani yake mu uthenga umodzi. Munthu woodira pakhomo amadikira kuti eni nyumba amuyankhe, koma amatero akuoneka nkhope, ndipo eni ake amadziwa amene akumulandira. Pa foni nkhope palibe. "Moni bwana" wochokera ku nambala yachilendo angakhale wa m'bale wofuna ngongole, wa munthu wolakwitsa nambala, kapena wa akathyali aja otumiza mauthenga oti ndalama zitumizidwe pa nambala ina. Anthu ambiri anaberedwapo kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba mwa njira imeneyi, ndipo anaphunzira kusayankha nambala zomwe sazidziwa. Wotsatsa malonda amene wangopereka moni n'kudikira wadziika yekha m'gulu la okayikitsa.

Dzina la munthuyo nalonso n'lofunika. "Bwana" ndi aliyense, ndipo liwuli likabwerezedwa katatu mu uthenga umodzi limayamba kumveka ngati la munthu wopempha thandizo. "Bambo Uje" kapena "Mayi Uje" zimasonyeza kuti wolembayo anafufuza amene akulankhula naye. Ngati ndi dokotala, mbusa kapena shehe, amutchule ndi udindo wakewo. Mawu monga "amwene", "achimwene", "asisi" kapena "madala" asungidwe kaye mpaka mwiniwakeyo atayamba kucheza momasuka choncho.

Chiganizo chomwe ndimachiona kuti n'cholemera kuposa zonse mu uthengawu ndi chija chonena kumene nambala inachokera. Funso loyamba m'mutu mwa aliyense wolandira uthenga wachilendo ndi lakuti, "Nambala yanga waitenga kuti ameneyu?" Likapanda kuyankhidwa, zonse zotsatira amaziwerenga ndi nkhope yokwinya. Likayankhidwa ndi dzina la munthu amene amamudziwa, angathe kungodutsa khomo limodzi n'kukafunsa a pa famase aja ngati mabatirewo akugwiradi ntchito, ndipo yankho lawo lidzagwira ntchito yaikulu kuposa zithunzi zonse za kampani. Koma dzina la munthu lisatchulidwe iye asanalole. Mtsikana uja ayenera kuyamba wafunsa a Mayi Uje kuti, "Kodi ndingawauze kuti nambala mwandipatsa ndinu?" Akakana, kapena ngati nambalayo anangoiona pa chikwangwani cha butchala, anene zoona zake: "Nambala yanu ndaiona pa chikwangwani cha shopu yanu." Palibe chochititsa manyazi pamenepo, chifukwa nambala ya pachikwangwani anailemba kuti anthu aimbe. Chosayenera ndi kutenga manambala m'gulu la WhatsApp la mpingo, la maliro kapena la makolo a pasukulu, n'kuyamba kutsatsira anthu mmodzimmodzi. Kuchokera mu 2024 Malawi ili ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, ndipo nambala ya foni ya munthu ili m'gulu la zinthu zotetezedwazo. Komanso WhatsApp imapatsa wolandira uthenga wachilendo mabatani a "Block" ndi "Report" pafupi pomwepo, ndipo nambala yodandaulidwa ndi anthu ambiri imatha kutsekedwa, makasitomala onse ali momwemo.

Taonaninso kuti uthengawu sukugulitsa sola. Mulibe mtengo, mulibe kukula kwa inveta, mulibe dzina la batire. Ukungopempha kuimba foni, ndipo ukunena chifukwa chake kuimbako kukufunika. Pamenepa m'pamene wotsatsa wodziwa ntchito amasiyana ndi wongoloweza mawu. Mafunso atatu aja ndi enieni, ndipo popanda mayankho ake palibe mtengo woona umene angapereke. Loyamba: mafiriji ndi angati ndipo ndi aakulu bwanji? Firiji ikamayamba kulira imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imagwiritsa ntchito ikakhazikika, choncho inveta yongokwanira pa pepala imatha kuzima mafiriji atatu akayambira limodzi. Lachiwiri: kodi makina ochekera mafupa nawonso akufunika kuti aziyenda magetsi akathima? Ngati ndi choncho, zipangizo zofunika zimakula ndipo mtengo umakwera kwambiri. Lachitatu: jenereta imalira maola angati pa tsiku, ndipo masiku angati pa mwezi?

Funso lachitatuli ndi limene limaweruza nkhani yonse. Tinene kuti jenereta ya bamboyo imamwa malita 2 a petulo pa ola, imalira maola 4 pa tsiku, masiku 20 pa mwezi. Amenewo ndi malita 160 pa mwezi, ndipo bamboyo akachulukitsa ndi mtengo wa petulo wa tsikulo adziwerengera yekha kuti mabatire angabweze ndalama zake pakatha miyezi ingati. Koma ngati imalira ola limodzi masiku 5 okha pa mwezi, amenewo ndi malita 10, ndipo sola yoyendetsa mafiriji ake singabweze ndalama msanga. Apo wotsatsa wachilungamo amanena kuti, "Bambo, mmene zililimu jenereta yanuyo ikukwanirani." N'chifukwa chake uthenga uja uli ndi mawu oti "kapena ayi". Si okongoletsa. Akuuza bamboyo kuti foniyo ingathe kutha popanda kugulitsana kanthu, ndipo munthu amavomera msanga kulankhula ndi wamalonda amene wasonyeza kuti angathe kuchoka wosagulitsa.

Za nthawi, pali zolakwika ziwiri zosiyana. Wina amalemba kuti "Ndikuimbirani mawa 9 koloko", ngati kuti tsiku la mnzake ndi lake. Wina, pofuna kuoneka waulemu, amalemba kuti "Mundiuze nthawi iliyonse imene mungapezeke". Wachiwiriyu akuoneka wofatsa, koma wapereka ntchito: bamboyo aganizire sabata yake yonse, asankhe tsiku, alembe. Munthu wotanganidwa amati ndiyankha madzulo, ndipo madzulo uthengawo umakhala utakwiririka pansi pa ena makumi atatu. Kutchula nthawi ziwiri kumachititsa kuti yankho likhale liwu limodzi, "Lachitatu". Ndipo nthawizo zisankhidwe poyang'ana bizinesi ya munthuyo. Pa butchala, 2 koloko masana mkati mwa sabata kumakhala kopepukirapo, pomwe Loweruka ndi kumapeto kwa mwezi ogula amachuluka. Ngati mwini wake ndi Msilamu, monga alili eni mashopu ambiri ku Limbe, Lachisanu masana amakhala ali ku mzikiti. Uthenga wa malonda wofika 9 koloko usiku umalowa m'nyumba ya munthu pa nthawi ya banja lake, ndipo ukachokera kwa mlendo ungadzutse mafunso amene wolembayo sanawaganizire.

Mphindi 5 zija ndi lonjezo, ndipo nambala yake ikhale yoona. "Kanthawi kochepa" sikatanthauza kanthu, chifukwa aliyense anaimbiridwapo foni ya kanthawi kochepa yomwe inatha theka la ola. Ngati nkhaniyo ikufuna mphindi 15, wotsatsa anene 15.

Tsopano chiganizo chomaliza chija, chotsegulira munthu khomo lotulukira. Otsatsa ambiri amachiopa, ndipo mabwana awo ena amawaletsa kuchilemba, poganiza kuti ukauza kasitomala kuti angathe kukana, akanadi. Akatswiri a kaganizidwe ka anthu anafufuzapo za nkhaniyi. Mu 1966 katswiri wa ku America Jack Brehm anafotokoza kuti munthu akaona kuti ufulu wake wosankha ukulandidwa, amakana pofuna kuubwezeretsa, ngakhale chinthucho akadachifuna. Mu 2000 akatswiri awiri a ku France, Nicolas Guéguen ndi Alexandre Pascual, anatuma anthu kukapempha odutsa mumsewu ndalama yokwerera basi. Pempho wamba linavomeredwa ndi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse. Pomwe opemphawo anawonjezera kuti munthuyo ali ndi ufulu wovomera kapena kukana, pafupifupi theka anapereka. Kafukufukuyo anali wa anthu ochepa ndipo anali wa maso ndi maso, choncho palibe amene ayenera kuyembekezera kuti chiganizo chimodzi pa WhatsApp chimuchulukitsira makasitomala kasanu. Ine chomwe chimandikhutiritsa n'china. Kwathu kuno kunena "ayi" mwachindunji kwa munthu amene wakulankhula mwaulemu n'kovuta. Timati "tiona", "ndikuuzani", "ndikuimbirani ndine". Wotsatsa amene sanatsegule khomo lokanira amatha milungu itatu akuthamangitsa "tiona" yemwe anali "ayi" kuyambira tsiku loyamba, mayunitsi akutha, ndipo mwini butchala uja akuyamba kudana ndi nambala yake. Kupereka chilolezo chokana kumapulumutsa onse awiri. Koma mawu oti "sindikuvutitsaninso" ndi ngongole. Wowalemba n'kuimbanso mawa lake wadzionetsa kuti ndi wabodza pa kanthu kakang'ono, ndipo palibe amene angamukhulupirire pa za waranti ya batire.

Nanga zofulumizitsa munthu? "Sabata ino yokha" yabodza anthu anaizolowera, ndipo saikhulupirira. Koma pali kufulumira kwina koona. Katundu wa sola amachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsatira ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makotesheni amene anthu anali nawo m'manja anasanduka mapepala chabe. Choncho wotsatsa akanena kuti kotesheni yake ikhala yogwira ntchito masiku 7 kapena 14, akunena zoona. Malo ake a mawu amenewo ndi pa kotesheniyo, munthu ataipempha. Mu uthenga woyamba, kwa munthu amene sanavomere n'komwe kulankhula nawe, ngakhale choonadi chimenechi chimamveka ngati kuopseza.

Uthenga wapita, ndipo patha masiku awiri opanda yankho. Tizizindikiro tiwiri tochonga tasanduka ta buluu, kusonyeza kuti wawerengedwa. Apa m'pamene ambiri amaonongera zonse. Amalemba kuti "Ndaona kuti mwawerenga", kapena kutumiza "???", kapena kuimba katatu motsatizana, kapena kufulasha kuti bwanayo aimbe ndi mayunitsi ake. Buluuyo sanena zambiri. Mwina bamboyo anatsegula uthengawo ali pakati poyeza nyama, mwina foni inali ndi mwana. Enanso anazimitsa "Read receipts", moti tizizindikiroto timakhala totuwa ngakhale atawerenga kalekale. Chanzeru ndi kudikira mpaka masiku amene anatchulidwa aja atadutsa, kenaka n'kutumiza uthenga wachiwiri waufupi wokhala ndi kanthu katsopano: "Mwadzuka bwanji Bambo Uje. Ndikudziwa kuti mumatanganidwa. Ngati foni ili yovuta, mungangondilembera kuchuluka kwa mafiriji ndi maola amene jenereta imalira pa tsiku, ine ndiwerengera n'kukutumizirani pompano." Uthenga umenewu suimba mlandu, ndipo wachepetsanso pempho: tsopano bamboyo angathandizidwe ndi manambala awiri okha, osalankhula ndi aliyense. Uthenga wa mawu ojambula usagwiritsidwe ntchito pa mlendo, chifukwa sangauone mwachidule ngati wolembedwa, ndipo m'shopu yaphokoso sangaumvere.

Wachiwiriwo ukapandanso kuyankhidwa, pakatha sabata ina pangapite wachitatu, womwe ndi wotsanzika: "Bambo Uje, ndisakuchulukitsireni mauthenga. Nambala yanga ndi yomweyi mukadzafuna kuwerengera za sola. Ntchito yabwino." Akatero aleke ndithu. Pa mauthenga atatu munthu wamva. Wachinayi ndi wachisanu saonjezera chidziwitso chilichonse, amangoonjezera mwayi wotsekeredwa nambala.

Mayankho akabwera, amafuna kuwamva bwino. "Lachitatu" ndi lomveka: wotsatsa ayankhe kuti "Zikomo, ndiimba Lachitatu 2 koloko", ndipo aimbe pa nthawiyo, osati 3 koloko. Akayankha foni, afunse kaye ngati nthawiyo idakali yabwino, chifukwa mwina galimoto ya nyama yangofika kumene. Mphindi 5 zikakwana, iye ndiye ayambe kunena kuti nthawi yomwe anapempha yatha, ndipo bamboyo akafuna kupitiriza anena yekha. "Tumizani mitengo" ndi yankho la pakati: nthawi zina ndi chidwi chenicheni, nthawi zina ndi njira yaulemu yothetsera nkhani. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Wotsatsa afunse funso limodzi, monga la kuchuluka kwa mafiriji, n'kufotokoza kuti popanda zimenezo mtengo ungakhale wongopeka. Wofunadi amayankha, wongothawa amakhala chete. "Lankhulani ndi akazi anga, ndi amene amasunga ndalama" kapena "funsani mwana wanga, ndi amene amadziwa za magetsi" si kukana ayi. Bamboyo wasonyeza amene amagamula nkhani zotere, ndipo uthenga wotsatira upite kwa ameneyo, utayamba ndi kunena amene wapereka nambala.

Pali yankho lina limene otsatsa achinyamata amalitenga ngati kulephera: "Pakali pano ayi, mwina pambuyo pa Khirisimasi." Mwini butchala akatero wanena zambiri. Disembala ndi mwezi umene nyama imayenda kwambiri, ndalama zake zonse zili mu katundu, ndipo mutu wake uli pa ogula. Mtsikana uja ayankhe kuti, "Zikomo pondiuza. Kodi ndingadzakulembereni pakati pa Januwale?" Bamboyo akavomera, alembe tsikulo m'kabuku kake pamodzi ndi zomwe anakambirana, ndipo asatumize kanthu kena ka malonda mpaka tsikulo. Pakati pa Januwale uthenga wake udzayamba ndi mawu oti, "Munandiuza kuti ndidzakulembereni pambuyo pa Khirisimasi", kenaka mafunso atatu omwe aja ndi nthawi ziwiri zoti bamboyo asankhepo.